Masekondi 20 pa Sitandi: Mawu Oyimitsa Wodutsa pa Chionetsero cha Zamalonda

Pa chionetsero cha zamalonda, mwini sitandi amakhala ndi nthawi yochepa kwambiri yolankhula ndi munthu aliyense wodutsa. Masitandi ambiri am'kati mwa nyumba zowonetseramo amakhala pafupifupi mamita 3 m'lifupi, ndipo munthu woyenda mwachifatse amadutsa mtunda umenewu m'masekondi 3 kapena 4. Akamva mawu omukhudza amachepetsa liwiro, n'kuima chotembenuka pang'ono, phazi limodzi likadaloza kumene amapita. Kuima koteroko sikukhalitsa. Pakatha masekondi ngati 20, munthuyo amakhala atasankha kale: kuyandikira patebulo, kapena kunena kuti "ndibweranso" n'kupitirira. Mawu odzidziwitsa amene wamalonda amakonzekera ayenera kukwanira m'kanthawi kameneka.

M'Malawi muno, malo odziwika bwino kumene luso limeneli limayesedwa ndi ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Kumeneko bungwe la amalonda ndi mafakitale la MCCCI limachititsa chionetsero chachikulu cha zamalonda cha mayiko osiyanasiyana, kawirikawiri cha mu Meyi kapena Juni, ndipo pabwalo lomwelo pamachitikiranso chionetsero cha zaulimi. Makampani akuluakulu amabwera ndi zimkuzamawu, nyimbo, ovina ndi zipewa zogawa. Wamalonda wamng'ono, amene mwina ndalama ya sitandi anachita kusonkherana ndi anzake a m'gulu, alibe zonsezi. Chimene ali nacho ndi katundu wake patebulo ndi pakamwa pake.

Ntchito ya masekondi 20

Ambiri amalakwitsa poganiza kuti m'masekondi amenewa ayenera kugulitsa. Sizitheka, ndipo kuyesa kutero n'kumene kumathamangitsa anthu. Ntchito ya mawu oyambawa ndi iwiri yokha. Yoyamba ndi yoti wodutsayo adziwe msanga chimene chili patebulo ndiponso chifukwa chimodzi choti achiganizire. Yachiwiri ndi yoti wamalondayo adziwe kuti amene waima pamaso pake ndi ndani.

Ntchito yachiwiriyi imaiwalika, koma ndi imene imasiyanitsa chionetsero ndi msika. Ku msika wa Limbe kapena wa Ndirande, pafupifupi aliyense woima pabenchi wabwera kudzagula za pakhomo. Ku Chichiri anthu ndi osakanikirana. Pali mabanja odzacheza, ana a sukulu obwera m'magulu, eni mashopu ofuna katundu woti azioda mwezi ndi mwezi, ogulira mahotela, akuluakulu a boma ndi a mabungwe, atolankhani, komanso opikisana nawo pamalonda amene akungofuna kuona mitengo. Mwini shopu m'modzi akhoza kubweretsa phindu loposa la anthu ambirimbiri ogula botolo limodzilimodzi, koma savala chizindikiro. Ena amabwera atavala wamba, atanyamula jumbo. Wamalonda amene amalankhula mofanana kwa aliyense mpaka kumapeto, osafunsa kanthu, amamuphonya munthu wotereyu osadziwa n'komwe.

Pali malire a kuchuluka kwa mawu. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo mneni m'modzi amatha kunyamula zimene zinenero zina zimanena m'mawu anayi kapena asanu. Munthu wolankhula momveka, mosathamanga, amakwanitsa mawu pakati pa 30 ndi 40 m'masekondi 20. Amenewa ndi ziganizo zinayi kapena zisanu zazifupi. Wofuna kulongedzamo zambiri amayamba kuthamanga, ndipo m'phokoso la pachionetsero mawu othamanga samveka.

Pakamwa pasanatseguke

Mawu abwino amatha kulephera chifukwa cha malo amene wolankhulayo ali. Amene wakhala pampando kuseri kwa tebulo, maso ali pafoni, amaoneka ngati wotanganidwa, ndipo anthu aulemu safuna kumusokoneza. Akati adzuke, aike foni, akonze chovala, wodutsa uja wafika kale pa sitandi yachitatu. Malo oyenera ndi pambali pa tebulo, chakutsogolo pang'ono, choimirira, nkhope italoza kumene anthu akuchokera. Kuima pakati pa njira n'kolakwika, chifukwa wotsekeredwa njira amaganiza za kulambalala, osati za katundu. Pamenepa n'koyeneranso kunena kuti kudyera pa sitandi kumawononga malonda. Palibe amene amafuna kufunsa mtengo kwa munthu amene ali ndi nsima m'manja, ndipo n'chifukwa chake sitandi imafunika anthu awiri osinthana.

M'manja muyenera kukhala katundu, osati mulu wa timapepala. Amati malonda ndi m'maso, ndipo chinthu chimene chaoneka sichifunanso kufotokozedwa. Botolo lotsegula, nsalu yotambasula, nyali ya dzuwa yoyatsa, zonsezi zimachotsera wolankhula mawu angapo amene akanawononga pofotokoza. Chikwangwani cha pamwamba nachonso chimagwira gawo la ntchitoyi ngati chikunena chimene chikugulitsidwa. Dzina la kampani lokha, makamaka lokhala ndi mawu ngati "Investments" kapena "General Dealers" kumapeto, silimuuza munthu kanthu.

Nkhani ya moni

Malangizo ena amati wamalonda alumphe moni n'kuyamba ndi katundu. Pakati pa anthu olankhula Chichewa zimenezi sizigwira. Kuyamba kulankhula ndi munthu wamkulu osamulonjera ndi chipongwe, ndipo amene wachitidwa chipongwe samvanso zotsatirazo. Komabe moni wathunthu uli ndi mtengo wake. "Muli bwanji?" amayankhidwa ndi "Ndili bwino, kaya inu?", kenako "Ndili bwinonso, zikomo", ndipo mbali zonse zikamaliza kuthokozana, masekondi 5 kapena 6 apita. Choopsa china n'chakuti moni wotha bwinobwino amatseka nkhani. Munthu wayankha, wakwaniritsa ulemu, ndipo ali ndi ufulu wopitirira.

Odziwa ntchitoyi amapereka moni ndi kumangirirapo chiganizo chotsatira mpweya usanathe. Amati "Mwaswera bwanji mayi, talawani ichi", dzanja litatambasuka kale. Moni waperekedwa, wodutsayo amayankha uku akulandira, ndipo kuyankhako kumachitika ali chiimire m'malo moyenda. Kwa achikulire enieni, kwa mfumu, kapena kwa mlendo wolemekezeka amene akuyendera masitandi ndi gulu lake, moni uyenera kudikiridwa mpaka utayankhidwa. Masekondi otayika pamenepo si otayika.

Mawu oitanira nawonso amafuna diso. "Bambo" ndi "mayi" salakwika kwa munthu wamkulu aliyense. "Achimwene" ndi "achemwali" amayenera kwa ofanana nawo msinkhu. "Bwana" ndi "bigi" ndi mawu amene munthu amamva tsiku lililonse kudepoti ndi kwa mavenda, ndipo ambiri anazolowera kuwatsekera makutu chifukwa chotsatira chake chimadziwika. "Agogo" kwa mayi amene sakudziona ngati wokalamba ndi njira yachidule yothetsera malonda. "Kuona n'kwaulere" ndi "tiyeni makasitomala" ndi zabwino pamsika, koma pachionetsero zimatsitsa katundu, chifukwa ogula ambiri ofunika amabwera kudzafuna opanga katundu, osati ogulitsa a m'mbali mwa msewu.

Chitsanzo cha chiponde

Nayi nkhani yongoyerekeza, koma yofanana ndi zimene zimaoneka pa masitandi ambiri a magulu a alimi. Gulu la amayi a ku Mchinji, boma lodziwika ndi ulimi wa mtedza, limapanga chiponde cha m'mabotolo ndipo latumiza anthu awiri ku Chichiri. Mlembi wa gululo wakonzekera mawu awa:

"Takulandirani kuno ku sitandi yathu. Ife ndife gulu la amayi lomwe linakhazikitsidwa ndi cholinga chotukula miyoyo ya amayi akumudzi kudzera mu ulimi ndi bizinesi. Tinayamba tili ochepa, koma mothandizidwa ndi mabungwe osiyanasiyana pano takula ndithu, ndipo masomphenya athu ndi akuti..."

Palibe bodza m'mawu amenewa, ndipo pamsonkhano wa opereka thandizo akhoza kuomberedwa m'manja. Koma pamene mlembiyu wafika pa masomphenya, masekondi 20 atha ndipo chiponde sichinatchulidwe. Wodutsa wamva mbiri ya anthu amene sakuwadziwa, ndipo sanamve chilichonse chokhudza iyeyo. Vutoli limachokera ku chizolowezi cha malipoti ndi misonkhano, kumene munthu amayamba ndi chiyambi cha zinthu n'kumatsika pang'onopang'ono. Pa sitandi dongosolo limatembenuka. Chogulitsidwa chimatsogola, ndipo mbiri imadikira mpaka munthu atafunsa.

Mawu okonzedwanso akhoza kukhala otere:

"Mwaswera bwanji mayi, talawani chiponde cha ku Mchinji ichi. Ndife alimi, mtedzawu timalima tokha, timasankha pamanja, ndipo sitithiramo shuga kapena mafuta. Chidindo cha MBS ndi ichi. Mukufuna cha pakhomo, kapena muli ndi shopu?"

Mawuwa ndi 33, ndipo akalankhulidwa mwachifatse amasiya mpata wopumira. Chiganizo choyamba chapereka moni, chatchula katundu ndi kwawo kwa katunduyo, ndipo chapatsa munthu chochita ndi manja ake. Kutchula Mchinji si kukongoletsa chabe. Anthu amalumikiza malo ena ndi zokolola zina, monga mmene mpunga wa Kilombero umakumbutsira Karonga, ndipo dzina la malo limagwira ntchito ya chiganizo chathunthu chotamanda katundu.

Chiganizo chachiwiri ndi chimene chikudziwitsa olankhulawo. "Ndife alimi" ndi mawu awiri okha, koma akuyankha funso limene ogula ambiri amakhala nalo mumtima, loti kodi amene akulankhulayu ndi mwini wake kapena waganyu wongolembedwa sabata imeneyo. Akuuzanso mwini shopu kuti palibe munthu wapakati, choncho mtengo ukhoza kukambidwa. Zotsatirazo ndi zinthu zimene munthu angazione kapena kuzilawa. "Chokoma kwambiri", "chapamwamba zedi" ndi "chabwino kuposa zonse" palibe m'mawuwa, ndipo n'dala. Sitandi iliyonse imanena zomwezo, kotero kuti mawu otere anasanduka phokoso. "Sitithiramo shuga" ndi chinthu chimene lilime la wolawayo litsimikizire pompo.

Kusankha pamanja kuli ndi tanthauzo lalikulu kuposa mmene kumamvekera. Mtedza wosauma bwino, wosweka, wonyala kapena wonyowetsedwa pofuna kuti usavute kuswa umagwidwa chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini amene amawononga chiwindi ndipo satha ndi kukazinga. Ogulira mashopu ndi mahotela amadziwa zimenezi. Kwa mayi wogulira ana ake, "timasankha pamanja" akutanthauza ukhondo. Kwa wogula wodziwa, akutanthauza kuti gululi likudziwa vuto lenileni la mtedza. Mawu amodzi afika kwa anthu awiri osiyana.

Chiganizo chachitatu ndi umboni. MBS ndi bungwe loona za miyezo ya katundu m'Malawi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mashopu akuluakulu kawirikawiri salandira chakudya cha m'mabotolo chopanda chiphaso chake. Umboni umafunika umodzi wokha, ndipo chala chiyenera kuloza pamene pali chidindocho. Gulu limene silinalandire chiphaso lisatchule MBS ngakhale mozembera. Kunena kuti "zonse zili m'njira" kumamveka ngati kubisa, ndipo mwini shopu akafunsa pepala n'kulisowa, sabweranso. Gulu lotero lili ndi umboni wina woona umene lingapereke, monga tsiku limene chipondecho chinapangidwa, mtundu wa mtedza ngati ndi CG7 kapena Chalimbana, kapena sukulu ndi magolosale amene akugula kale, ngati eni akewo avomera kutchulidwa.

Dzina la munthu wolankhulayo silinamveke m'masekondi 20 amenewa, ndipo ena zimawadabwitsa. Chifukwa chake n'chakuti dzina lomvedwa munthu asanakhale ndi chidwi siligwira m'mutu. Dzina la gulu lili pachikwangwani ndi pabotolo, ndipo la wolankhulayo likhoza kukhala pakabaji kapachifuwa. Munthu akangoyankha funso n'kuyandikira, pamenepo m'pamene "Ndine mayi uje, mlembi wa gululi, kaya inu ndani?" amakhala ndi malo. Pali malonda ena amene dzina liyenera kutsogola. Telala, wojambula, mmisiri wa mipando kapena wowerengera ena ndalama akugulitsa luso la manja ake ndi mutu wake, choncho iye mwiniyo ndiye katundu. Wotereyu akhoza kunena kuti "Ndine uje, mipando iyi ndimakhoma ndekha ku Ndirande", ndipo dzina ndi ntchito zimalowa m'chiganizo chimodzi.

Funso lomaliza

Gawo lovuta kwambiri kulikonza ndi funso. "Ndikuthandizeni?" amayankhidwa ndi "Ayi, ndikungoona." "Mugula?" amamuika munthu pakona, ndipo wopanikizidwa amathawa mwaulemu. Funso labwino ndi limene mayankho ake onse awiri amapititsa nkhani patsogolo, ndipo kuyankha kwake sikumumangirira munthu kutulutsa ndalama. "Cha pakhomo, kapena muli ndi shopu?" ndi lotero. Silichititsa manyazi aliyense, ndipo ena amasangalala kuganiziridwa kuti ali ndi shopu.

Yankho likabwera, njira zimagawikana. Amene wati "cha pakhomo" amafuna kumva kukula kwa mabotolo ndi mitengo yake, mwachitsanzo la magalamu 250 ndi la magalamu 500, komanso ngati angalipire pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Amafunanso kudziwa kumene angachipeze chionetsero chikatha, ndipo gulu limene lilibe yankho la funso limeneli lataya theka la phindu la ulendo wake. Amene wati "ndili ndi kagolosale ku Bangwe" safuna kumva za kukoma. Mafunso ake ndi akuti katoni imalowa mabotolo angati, mtengo wooda ndi wotani, gululo lingakwanitse makatoni angati pamwezi, katundu amakhala nthawi yaitali bwanji asanawonongeke, ndipo ndani alipire thiransipoti kuchokera ku Mchinji kufika ku Blantyre. Manambala amenewa salowa m'mawu oyamba aja, koma ayenera kukhala pamilomo. Woima pa sitandi amene amayankha kuti "ndifunse kaye apampando" amafafaniza zonse zimene mawu ake oyamba anamanga.

Pali yankho lachitatu, limene limabwera kuchokera kwa anthu a mabungwe, a mabanki ndi atolankhani: "Ayi, ndimangofuna kudziwa za gulu lanu." Apa m'pamene mbiri ija ya mlembi imapeza eni ake. Sinali yoipa, inangoperekedwa kwa anthu olakwika pa nthawi yolakwika.

Funso likafunsidwa, wolankhulayo ayenera kukhala chete. Izi zimavuta kuposa kulankhula. Munthu amene ali ndi chiponde m'kamwa amafunika masekondi angapo kuti ameze ndi kuganiza, ndipo wamalonda wamantha amadzaza mpatawo ndi mawu ena, n'kukwirira funso lake lomwe.

Chichewa kapena Chingerezi

Ku Chichiri kumabweranso amalonda ndi alendo a mayiko ena, choncho mawuwa amafunika kukonzedwa m'zinenero ziwiri. Kukonza kwake si kumasulira liwu ndi liwu, koma kumanga mawu ena a Chingerezi okhala ndi mfundo zomwezo m'dongosolo lomwelo. Kwa Amalawi anzathu, kuyamba ndi Chichewa n'kotetezeka, chifukwa wofuna Chingerezi amayankha m'Chingerezi ndipo wamalonda amangomutsatira. Kuyamba ndi Chingerezi kwa munthu amene sachimasuka nacho kumamuchititsa kumva kuti katunduyo si wa anthu ngati iye. Chingerezi choloweza pamtima, chimene chimatha munthu akangofunsidwa funso loyamba, chimavulaza kuposa Chichewa cholankhulidwa molimba mtima. Ngati m'gulu muli m'modzi yekha wodziwa bwino Chingerezi, mnzakeyo aphunzire chiganizo chimodzi chopereka mlendo kwa iyeyo.

Zizindikiro zoti mawu sakugwira

Wodutsa sanena kuti mawu ndi oipa. Ulemu sulola. Koma thupi lake limanena, ndipo malo amene chidwi chathera amaloza chiganizo chimene chili ndi vuto.

Ngati anthu akudutsa osatembenuka n'komwe, vuto lili pa kaimidwe, pa kukweza mawu kapena pa mawu asanu oyambirira. Mwina wolankhulayo akuyamba mochedwa, munthu atafika kale pambali pake. Nthawi yoyambira ndi pamene wodutsayo watsala masitepe awiri kapena atatu kuti afike, maso atakumana. Ngati anthu akuima, n'kuyamba kuyang'ana sitandi yotsatira mawu ali pakati, ndiye kuti pakatipo patalika kapena palowa mbiri. Ngati akumvetsera mpaka kumapeto n'kufunsa kuti "Ndiye mumagulitsa chiyani kwenikweni?", katundu sanatchulidwe momveka, ndipo izi zimachitikira kwambiri ogulitsa zinthu zosagwirika, monga inshulansi, maphunziro ndi ntchito za pakompyuta. Otere ayenera kunena vuto limene amathetsa m'mawu a tsiku ndi tsiku. "Timathandiza eni magolosale kudziwa katundu amene watsala osawerenga pamanja" amamveka, pamene dzina la pulogalamu yake silimveka. Ngati ambiri akulawa, kuyamikira, n'kunena kuti "ndibweranso", funso lomaliza ndi lofooka kapena silikufunsidwa.

Njira yosavuta yoyezera ndi kakope. Mnzake wa wolankhulayo amalemba mizere itatu kwa ola limodzi: amene alankhulidwa, amene aima, ndi amene ayankha funso. Kenako asintha chiganizo chimodzi chokha n'kuyezanso ola lina lofanana nalo kuchuluka kwa anthu. Kusintha zonse nthawi imodzi sikuphunzitsa kanthu, chifukwa sipadziwika chimene chathandiza. Kuyerekeza m'mawa wa Lachiwiri ndi masana a Loweruka nakonso n'kosocheretsa, popeza pakati pa sabata pamabwera ambiri a zamalonda pamene kumapeto kwa sabata kumadzaza mabanja.

Pali cholakwa china chimene sichioneka pakakope. Pofuna kuimitsa anthu, ogulitsa ena a uchi, ufa wa chammwamba ndi zakumwa za zitsamba amanena kuti katundu wawo amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda ena. Mawu otere amaimitsadi anthu, koma ndi abodza ngati palibe umboni wa chipatala, akhoza kuchititsa wodwala kusiya mankhwala, ndipo amathamangitsa ogula okhazikika amene safuna kukhudzidwa ndi milandu. Chakudya chigulitsidwe ngati chakudya.

Kukonzekera ndi kupirira

Mawuwa amalembedwa papepala kaye, kenako amawerengedwa mokweza, foni ikuwerenga nthawi. Kuwerenga chamumtima kumanamiza chifukwa kumathamanga kuposa pakamwa. Akapitirira masekondi 20, chochita ndi kuchotsa mfundo, osati kufulumiza lilime. Mayeso abwino ndi kulankhula kwa munthu amene sadziwa bizinesiyo, kenako n'kumufunsa kuti abwereze zimene wamva. Akatchula katundu ndi chinthu chimodzi chomusiyanitsa ndi ena, mawuwo akwana. Achibale ndi a m'gulu sayenera pa mayeso amenewa chifukwa amadzazira okha zimene sizinanenedwe.

Choyenera kuloweza ndi dongosolo, osati liwu lililonse. Munthu amene wanena chiganizo chimodzimodzi kuyambira m'mawa amafika masana akuchiimba ngati kondakitala woitanira minibasi ya ku Limbe, ndipo wodutsa amamva kuti sakulankhula ndi iye. Kusinthasintha moni, kutchula chimene munthuyo wayang'ana, kapena kulonjera mwana amene wagwiridwa padzanja, kumabwezeretsa moyo m'mawuwo. Onse oima pa sitandi ayenera kunena mfundo zofanana ndi mitengo yofanana, chifukwa wogula wochenjera amabwera kawiri n'kufunsa anthu awiri osiyana.

Mawu a pakhosi nawonso amatha. Chionetsero cha ku Chichiri chimatenga masiku angapo otsatizana, ndipo amene wakuwa tsiku loyamba popikisana ndi chimkuzamawu cha sitandi yoyandikana amafika tsiku lachitatu atasasa. Kuyandikira munthu ndi sitepe imodzi kumathandiza kuposa kukweza mawu. Madzi akumwa asasowe pansi pa tebulo, ndipo awiriwo azisinthana ola lililonse kapena maola awiri. Zolawitsa zimafuna timasupuni totaya kapena tizidutswa ta buledi, chifukwa supuni imodzi yozungulira pakamwa pa anthu ambiri imatsutsa mawu onse onena za ukhondo.

Masekondi 20 akatha

Amene wasonyeza kuti sakufuna amasiyidwa apite ndi "Zikomo, muyende bwino." Kumutsatira kapena kumugwira mkono kumaonedwa ndi ena onse amene akubwera m'mbuyo, ndipo iwo amayamba kulambalala. Ana a sukulu asanyozedwe ngakhale sagula. Chiganizo chimodzi chowauza kuti ichi n'chiyani ndipo chimachokera kuti n'chokwanira, ndipo mphunzitsi amene akuwatsogolera akhoza kukhala wogulira sukulu yogonera konko.

Kwa amene wasonyeza chidwi cha kuoda, kumupatsa kapepala kapena khadi sikokwanira. Makadi a pachionetsero amathera m'jumbo limodzi ndi ena ambirimbiri. Wamalonda ndi amene ayenera kutenga nambala ya foni ya munthuyo, atapempha chilolezo, n'kulemba pambali pake dzina, malo a shopu, ndi chimene anafunsa, monga "makatoni 2, mabotolo a magalamu 250, Bangwe". Khadi kapena botolo loyesera limaperekedwa ndi manja awiri, kapena ndi lamanja lamanzere litagwirizira, monga mwa ulemu wa kwathu. Uthenga wa pa WhatsApp kapena foni yotsatira iyenera kupita pasanathe masiku awiri kapena atatu, ndipo iyambe ndi mawu omwe aja amene anamuimitsa: chiponde cha ku Mchinji, cha alimi osankha pamanja. Pofika nthawi imeneyo munthuyo amakhala atayendera masitandi ambiri, ndipo dzina la gulu amakhala ataliiwala, koma katundu ndi malo ake amazikumbukira.